Chifukwa chake msana wa buku umameza mawu, ndi mmene osindikiza amaupatsira malo ake

Munthu akalemba kabuku pa kompyuta, kaya ndi ka nyimbo za kwaya, ka malamulo a bungwe kapena ka maphunziro a alimi, masamba onse amaoneka olongosoka, ndipo mpata wa kumanzere umafanana ndi wa kumanja. Koma kabukuko kakasindikizidwa ndi kumangidwa, zilembo za kumapeto kwa mizere pa masamba ena, ndi za kumayambiriro kwa mizere pa masamba enawo, zimakhala zitalowa m'katikati, moti wowerenga amachita kukanula bukulo ndi manja awiri mpaka guluu kuyamba kusweka. Zikatero mwini buku amaloza chala womanga buku, womangayo n'kumati fayilo inabwera ili choncho. Kawirikawiri onse awiri amakhala akunena zoona, pakuti vuto limayamba pa zinthu zimene sanakambirane ntchito isanayambe: mbali ya tsamba imene idzayang'ane kumsana, kukula kwa mpata umene msanawo udzadye, ndi njira imene bukulo lidzamangidwire.

Mbali ya m'kati ndi mbali ya kunja

Pepala limodzi lili ndi masamba awiri, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo buku likatsegulidwa timaona kumbuyo kwa pepala lina kudzanja lamanzere ndi kutsogolo kwa pepala lotsatira kudzanja lamanja. M'mabuku a zinenero zolembedwa kuchokera kumanzere kupita kumanja, monga Chichewa, masamba 1, 3, 5 ndi ena otero amakhala kumanja, pamene masamba 2, 4, 6 amakhala kumanzere. Chotsatira chake n'chakuti pa tsamba 3 msana uli kumanzere kwa mawu, koma pa tsamba 4 msana womwewo uli kumanja kwa mawu. Ichi ndicho chifukwa chake osindikiza mabuku salankhula za mpata wa kumanzere ndi wa kumanja, koma za mpata wa m'kati, umene uli pafupi ndi msana, ndi mpata wa kunja, umene uli kumene chala chimagwira potembenuza tsamba.

Vutoli linabadwa limodzi ndi buku la masamba. Anthu akale a ku Iguputo, ku Girisi ndi ku Roma ankalemba pa mipukutu, imene inalibe msana ndipo kawirikawiri inkalembedwa mbali imodzi yokha. Buku la mapepala opinda ndi kusokedwa linayamba kuoneka mu ufumu wa Roma m'zaka 100 zoyambirira pambuyo pa kubadwa kwa Khristu, ndipo pofika zaka za m'ma 300 ndi 400 linali litapambana mpukutu, makamaka pakati pa Akhristu. Kuyambira pamenepo alembi anazolowera kuona masamba awiri oyang'anizana ngati chinthu chimodzi. Chizolowezi chosiyana ndi ichi chinadza ndi taipi, imene inkalemba mbali imodzi ya pepala, wolemba n'kusiya mpata waukulu kumanzere kokha kuti pepala liboolerepo ndi kulowa m'faelo. Mapulogalamu olembera a pa kompyuta amayamba ndi maganizo a taipi omwewo, kuti masamba onse ndi ofanana, pokhapokha munthu atawauza zina.

Kuti izi zimveke msanga, munthu aike manja ake awiri pa tebulo moyandikana, zikhatho zitayang'ana pansi. Zala zazikulu zonse ziwiri zili m'kati, ngakhale kuti pa dzanja lamanzere chala chachikulu chili kumanja ndipo pa dzanja lamanja chili kumanzere. Masamba awiri a buku lotsegula ayenera kukhala chimodzimodzi, lina kukhala ngati chithunzi cha linzake cha m'kalilole. Mu Microsoft Word izi zimasankhidwa popita ku `Layout`, kenako `Margins`, kenako `Custom Margins`, ndipo pa `Multiple pages` munthu amasankha `Mirror margins`. Akatero, mabokosi amene analembedwa kuti `Left` ndi `Right` amasintha n'kukhala `Inside` ndi `Outside`. Mu LibreOffice Writer chinthu chomwecho chili pa `Page layout`, pamene pamasankhidwa `Mirrored`. Manambala a masamba nawonso amafuna chisamaliro, chifukwa nambala imene yaikidwa pa ngodya ya kumanja pa masamba onse idzakhala kumsana pa theka la masambawo, ndipo mu Word izi zimakonzedwa ndi `Different Odd & Even Pages`.

Mpata wopereka kwa msana

Mpata wa m'kati uli ndi magawo awiri amene ndi bwino kuwasiyanitsa m'maganizo. Gawo loyamba ndi malo oyera amene wowerenga adzawaone pakati pa mawu ndi chigwa cha pakati pa buku. Gawo lachiwiri ndi pepala limene silidzaonekanso, chifukwa ladulidwa, lamatidwa, laboledwa kapena lapindikira m'kati mwa msana. Gawo lachiwirili ndilo limalembedwa m'bokosi la `Gutter`, mawu amene tanthauzo lake loyamba ndi ngalande ya madzi, ndipo akuyenerera ndithu, popeza masamba awiri a buku lonenepa amatsetserekera pakati ngati mmene nthaka imatsetserekera m'ngalande. Pulogalamu imangophatikiza nambala ya `Gutter` pa mpata wa m'kati, kotero kulemba 13 pa `Inside` ndi 7 pa `Gutter` kumapereka tsamba lofanana ndi kulemba 20 pa `Inside` ndi 0 pa `Gutter`. Ubwino wozisiyanitsa ndi wakuti njira yomangira buku ikasintha, nambala imodzi yokha ndiyo imasinthidwa. Telala amachita zomwezo akamadula nsalu, pakuti pa muyeso wa thupi la kasitomala amaonjezerapo pang'ono pa msoko, podziwa kuti nsalu yoonjezerayo idzabisika m'kati ndipo siili mbali ya kukula kwa malaya.

Chodabwitsa n'chakuti m'mabuku akale mpata wa m'kati ndiwo unali waung'ono kuposa ina yonse. Katswiri wokonza maonekedwe a mabuku, Jan Tschichold, amene anabadwira ku Leipzig ku Germany m'chaka cha 1902, anayeza mabuku ambiri olembedwa pamanja ndi mabuku oyambirira kusindikizidwa ku Ulaya, ndipo anapeza kuti mipata ya m'kati, ya pamwamba, ya kunja ndi ya pansi inkatsata muyeso wa 2, 3, 4 ndi 6. Mpata wa kunja unali kuwirikiza kawiri wa m'kati, chifukwa buku likatsegulidwa mipata iwiri ya m'kati imakumana n'kukhala mpata umodzi wofanana ndi wa kunja. Izi zinkatheka chifukwa mabuku amenewo anali osokedwa ndi ulusi kudutsa pa mpindo wa mapepala, ndipo buku losokedwa bwino limatseguka mpaka pakati popanda kubisa kanthu. Mabuku omata ndi guluu atafala m'zaka za m'ma 1900, chifukwa ndi otsika mtengo ndiponso ofulumira kupanga, msana unayamba kudya pepala, ndipo munthu amene lero angatengere muyeso wakalewo pa buku lomata adzapeza mawu ake m'ngalande.

Njira yomangira ndiyo imalamula

Kabuku kopinda pakati n'kukhomedwa ndi mapini awiri a sitepula pa mpindo kamatseguka pafupifupi kwathunthu, motero msana wake sudya zambiri, ndipo mamilimita awiri kapena atatu oonjezera amakwanira. Buku lomata ndi losiyana kwambiri. Makina amayamba apala kumsana kwa mulu wa mapepala, n'kuchotsa mamilimita awiri kapena atatu kuti guluu agwire pepala lililonse, kenako guluuyo amalowa pang'ono pakati pa mapepala, ndipo chikuto chimamatidwanso m'mbali pa tsamba loyamba ndi lomaliza. Pamwamba pa izi, buku lomata silitseguka lonse, ndipo likamanenepa masamba ake a pakati amapindikira m'kati mozama. N'chifukwa chake makampani osindikiza amapereka miyeso imene imakula malinga ndi kuchuluka kwa masamba. Mwachitsanzo, Amazon KDP imafuna kuti mpata wa m'kati usachepere mamilimita 9.6 pa buku la masamba 24 mpaka 150, mamilimita 12.7 pa masamba 151 mpaka 300, ndi mamilimita 15.9 pa masamba 301 mpaka 500. Iyi ndi miyeso yotsikitsitsa yoti mawu asadulidwe, ndipo buku lowerengeka mosavutikira limafuna mpata woposa pamenepo.

Njira yachitatu, imene ophunzira a m'makoleji ndi a m'maofesi amaidziwa bwino, ndi yoboola mapepala n'kulowetsa waya wozungulira kapena chipeso cha pulasitiki. Buku lotere limatseguka lonse, koma mabowo amadya pepala. Chiboolero wamba cha mabowo awiri chimaika pakati pa bowo pa mtunda wa mamilimita pafupifupi 12 kuchokera m'mphepete, ndipo bowolo ndi lalikulu mamilimita 6, kutanthauza kuti chilichonse cholembedwa m'kati mwa mamilimita 15 oyambirira chikhoza kuboledwa. Amene anaonapo lipoti la ndalama limene manambala ake a m'danga loyamba asanduka mabowo amadziwa mmene zimakhalira.

Chitsanzo cha buku la nyimbo

Tiyerekeze kuti kwaya ikufuna kusindikiza buku la nyimbo la masamba 180, pa kukula kwa A5, kumene ndi mamilimita 148 m'lifupi ndi 210 m'litali, ndipo buku la masamba ochuluka chotero liyenera kumatidwa ndi guluu. Mlembi wa kwaya wamva kuti msana umadya pepala, choncho waika mpata wa mamilimita 20 kumanzere ndi 15 kumanja, koma wasiya `Multiple pages` pa `Normal`. Mawu ake akutenga mamilimita 113 m'lifupi, popeza 148 kuchotsapo 35 ndi 113. Tinene kuti msana wa bukuli udzabisa mamilimita 7. Pa masamba a kumanja zonse zili bwino, chifukwa pa mamilimita 20 aja patsala 13 ooneka, ndipo kunja kuli 15. Koma pa masamba a kumanzere mpata umene wayang'ana kumsana ndi wa 15 uja, ndipo 7 akachoka patsala 8 okha, pamene kunja kuli mamilimita 20 osagwira ntchito iliyonse. Theka la buku lidzaoneka labwino, theka linalo lidzaoneka ngati mawu akuthawira m'kati, ndipo woimba adzavutika kuona mathero a mizere italiitali ya pa masamba 2, 4 ndi 6.

Kukonza kwake sikusintha kukula kwa mawu ngakhale pang'ono. Mlembi akasankha `Mirror margins`, n'kulemba 13 pa `Inside`, 15 pa `Outside` ndi 7 pa `Gutter`, mawu amakhalabe mamilimita 113 m'lifupi, koma tsopano mamilimita 20 ali kumsana pa tsamba lililonse. Pali njira yosavuta yodziwira ngati zatheka, imene siifuna kumanga buku. Munthu asindikize tsamba 3 ndi 4 pa pepala limodzi, kutsogolo ndi kumbuyo, kenako alikweze pa dzuwa kapena pa windo. Ngati mipata yatembenuzidwa bwino, mawu a kutsogolo adzakhala pamwamba penipeni pa mawu a kumbuyo. Pa fayilo yoyamba ija ya mlembi, mawu a mbali ziwirizo akanaphonyana ndi mamilimita 5, ndipo diso limaona zimenezi nthawi yomweyo.

Ngati mlembiyo anayamba ndi mipata yaing'ono n'kuonjezera `Gutter` ntchito itatha, m'lifupi mwa mawu mumachepa, mizere ina imathyokera pa mzere wotsatira, nyimbo zina zimadumphira pa tsamba lina, ndipo manambala a pa tsamba la zam'katimu sakhalanso oona. Choncho miyesoyi imaikidwa ntchito yosanja masamba isanayambe. Vuto lina limadza pophatikiza mafayilo. Fayilo ya PDF imene mipata yake inatembenuzidwa bwino ikaikidwa kutsogolo kwake tsamba limodzi lokha, monga kalata ya abusa imene inafika mochedwa, tsamba lililonse limasunthira mbali inayo, ndipo mpata waukulu umapezeka kunja m'buku lonse. Masamba oonjezera kutsogolo ayenera kukhala awiriawiri, ngakhale limodzi likhale lopanda kanthu.

Kusanja masamba pa pepala lopinda

Tsopano titenge kabuku kocheperapo, ka nyimbo za pa msonkhano umodzi, ka masamba 46, kamene kadzasindikizidwe pa mapepala a A4 n'kupindidwa pakati. Pepala la A4 ndi mamilimita 210 ndi 297, ndipo likapindidwa limapereka masamba anayi a A5, awiri mbali iliyonse. Chifukwa cha ichi masamba a kabuku kotere ayenera kugawika ndi 4, motero masamba 46 amakhala 48, pa mapepala 12, ndipo ndi nzeru kuti mwini kabuku asankhe yekha pamene masamba awiri opanda kanthuwo akhale, m'malo mosiyira makina. Masamba sakhala pa pepala motsatana. Aliyense amene anasololapo pepala limodzi m'nyuzipepala anaona kuti tsamba loyamba lili pa pepala limodzi ndi lomaliza. M'kabuku kathu, pepala la kunja lili ndi masamba 48 ndi 1 mbali imodzi, ndi masamba 2 ndi 47 mbali inayo. Pepala lachiwiri lili ndi 46 ndi 3, kenako 4 ndi 45, mpaka pepala la pakati, limene lili ndi 26 ndi 23 kunja kwake, 24 ndi 25 m'kati. Masamba awiri alionse oyandikana akaphatikizidwa amapereka 49, ndipo iyi ndi njira yachidule yoonera ngati kusanjako kwalondola.

Kale wosindikiza ankasanja zimenezi ndi manja, poika masamba a zilembo za chitsulo m'felemu imodzi, ndipo umo ndi mmene ntchito inkayendera kuyambira nthawi ya Johannes Gutenberg ku Mainz cha m'ma 1455. Lero Word imachita zimenezi munthu akasankha `Book fold` pa `Multiple pages`, LibreOffice ili ndi `Brochure` posindikiza, ndipo Adobe Acrobat Reader ili ndi `Booklet`. Kusanjako kuyenera kuchitika pa malo amodzi okha, pakuti kukachitika mu pulogalamu yolembera n'kuchitikanso pa makina osindikizira, masamba amasokonekera ndi kuchepa kawiri. Posindikiza mbali zonse ziwiri, pepala liyenera kutembenuzidwira ku mbali yake yaifupi, zimene makina ambiri amazilemba kuti `Flip on short edge`, apo ayi masamba a kumbuyo amatuluka chadodolido.

Msampha umene umakola ambiri ndi wolemba kabuku pa A4, n'kusiya kuti makina akachepetse okha posindikiza. Kuchoka pa A4 kupita pa A5 chilichonse chimachepa kufika pa magawo 71 pa 100 alionse, kotero zilembo za saizi 12 zimasanduka za saizi pafupifupi 8.5, ndipo mpata wa mamilimita 10 umene unasiyidwira msana umasanduka 7. Agogo a mu mpingo sadzatha kuwerenga zilembo zoterozo m'tchalitchi mopanda kuwala kokwanira. Tsamba liyenera kukonzedwa pa kukula kumene lidzatulukire.

Mapepala a pakati amene amatulukira kunja

Munthu akapinda zitenje zingapo pamodzi, chitenje cha kunja chimazungulira zinzake zonse pa mpindo, motero m'mphepete mwake mumabwerera m'mbuyo pamene cha m'kati chimatulukira kutsogolo. Mapepala amachita zomwezo. Pepala wamba la mu ofesi, la magalamu 80, ndi lochindikala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, monga mmene paketi ya mapepala 500 imakhalira yotalika masentimita pafupifupi 5. M'kabuku ka mapepala 12, pepala la pakati limatulukira kunja ndi milimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono poyerekeza ndi la kunja, ndipo womanga akadula m'mphepete kuti mukhale mosalala, masamba a pakati amataya mpata wawo wa kunja. Pa nthawi yomweyo masamba oyambirira ndi omalizira ndiwo amataya pang'ono mpata wa m'kati, chifukwa pepala lawo likuzungulira mpindo wonenepa. Pa kabuku ka masamba 48 kokhala ndi mpata wa kunja wa mamilimita 15, kusiyanaku sikuvuta, koma nambala ya tsamba imene yaikidwa pafupi kwambiri ndi m'mphepete ikhoza kukhudzidwa ndi mpeni. Mapulogalamu a osindikiza akuluakulu amasunthira masamba a pakati kumsana pang'onopang'ono kuti zifanane, pamene `Gutter` ya mu Word ndi nambala imodzi ya buku lonse. Masamba akamapitirira 60 pa pepala wamba, kabuku kopinda kamayamba kuyasama, ndipo mpamene osindikiza ambiri amalangiza zomata kapena zosoka.

Kuyasamako kuli ndi chifukwa chinanso chimene sichidziwika kwambiri. Ulusi wa m'pepala umagona mbali imodzi, monga mmene zimakhalira m'thabwa, ndipo pepala limapindika mofewa motsata ulusiwo. M'mapepala ambiri a A4 ulusi umatsata mbali yaitali, pamene mpindo wa kabuku ka A5 umadutsa mopingasa, choncho pepala limakana kugona ndipo tsamba limakwera ngati phiri pafupi ndi msana, n'kubisa mpata wina umene sunawerengedwe.

Mafunso amene sanathe

Okonza mabuku sagwirizana ngati mpata wa m'kati wooneka uyenera kuchepa kuposa wa kunja, monga mwa mwambo wakale, kapena kufanana nawo. Oyamba amati masamba awiri oyang'anizana ayenera kuoneka ngati chinthu chimodzi ndipo chala chimafuna malo kunja, pamene enawo amati buku lomata la lero silitseguka mokwanira kuti mwambowo ugwire ntchito. Palinso nkhani ya mtengo, pakuti milimita iliyonse yoperekedwa kwa msana imachotsedwa pa mawu, ndipo m'buku lalitali zimenezi zimaonjezera masamba, masamba n'kunenepetsa buku, buku lonenepalo n'kufunanso mpata wokulirapo. Pamene pepala ndi lodula, malire a pakati pa kusunga ndalama ndi kusavutitsa wowerenga aliyense amawaika pake.

Sipanakhalenso mgwirizano umodzi pa funso la amene ayenera kuwerengera zotayika pa msana. Osindikiza ena amafuna fayilo ya masamba amodziamodzi kuti asanje okha ndi kusunthira okha masamba a pakati, ena amasindikiza chimene alandira osasintha kanthu, ndipo mwini buku ndi wosindikiza onse awiri akaonjezera mpata womwewo mawu amakankhidwira kunja mopitirira. Chimodzimodzinso zithunzi ndi matebulo odutsa masamba awiri: ena amabwereza kachigawo ka chithunzi mbali zonse ziwiri za msana kuti chimene chabisika chisasowe, ena amati kuchita tero kumaonekera buku likadzatseguka kwambiri ndi kukalamba. Ndipo popeza fayilo imodzi yomweyo masiku ano imasindikizidwa komanso kutumizidwa pa foni, pamene palibe msana ndipo mawu a mipata yotembenuza amaoneka akusunthira uku ndi uku pa tsamba lililonse, ena amakonza mafayilo awiri, ena amasankha kuti owerenga a pa foni apirire, pofuna kuti pasakhale mabuku awiri amene manambala a masamba awo angadzasiyane.